Kalata kwa Bwana Wapampando wa Komiti ya Mawu a Sayansi

Bwana Wapampando,

Ine ndine mmodzi mwa aphunzitsi amene munatipatsa ntchito yomasulira m'Chichewa mabuku a sayansi a ku pulayimale. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa tikafika ku ofesi timauzidwa kuti mwatuluka, ndipo makalata amene tinasiya kumeneko sanayankhidwe. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ife tadekha ndithu. Koma mitu ina ya mabukuwa yatsala pang'ono kupita kosindikiza, ndipo buku likasindikizidwa cholakwa chake chimakhala m'manja mwa ana zaka zambiri.

Ndikukhulupirira mukukumbukira zimene munalonjeza tsiku lotigawira ntchito. Munati komiti itipatsa mndandanda umodzi wa mawu ovomerezeka, kuti tonse tizitcha chinthu chimodzi ndi dzina limodzi. Munati mutilembera malamulo osonyeza pamene tiyenera kubwereka mawu a Chingerezi ndi pamene tiyenera kupanga athu, komanso kalembedwe ka mawu obwerekawo. Munatinso liwu lililonse latsopano liyamba layesedwa pa ana m'kalasi lisanalowe m'buku. Tinaomba m'manja, tinanyamula mitu yathu n'kubwerera kwathu. Mpaka lero palibe chimene chafika mwa zitatuzi, ndipo womasulira aliyense akudzisankhira mawu yekha.

Mukudziwa, Bwana, kuti kudikira kotereku sikunayambe ndi ife. Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Bodi ya Chichewa, ndipo ntchito imodzi imene inapatsidwa inali yolemba mtanthauziramawu watsopano. Bodiyo inatisiyira malamulo a kalembedwe, koma inathetsedwa mu 1995 bukulo lisanatuluke. Likulu la kafukufuku wa zilankhulo limene linatsegulidwa ku Zomba mu 1996 ndi limene linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mu 1996 momwemo unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo zawo. Lamulo lotere limafuna mawu ogwirizana a masamu ndi sayansi, ndipo mtanthauziramawu wa mawu a tsiku ndi tsiku sungakwanitse ntchito imeneyo. N'chifukwa chake lonjezo lanu tinalilandira ndi manja awiri. Tinkati mwina ulendo uno ntchito ifika kumapeto.

Dandaulo langa loyamba ndi la mpweya. Mutu umene ndinapatsidwa ukufotokoza mmene chomera chimapangira chakudya chake. Tsamba limatenga madzi ochokera ku mizu ndi mtundu wina wa mpweya wochokera mumlengalenga, ndipo dzuwa likawala limapanga shuga n'kutulutsa mpweya wa mtundu winanso. Mnzanga amene anamasulira mutu wa kupuma kwa munthu anatsata zimene anthu amanena pawailesi ndi kuchipatala: analemba kuti timakoka mpweya wabwino n'kutulutsa mpweya woipa. M'mutu wakewo mawuwa akumveka bwino. Akafika m'mutu wanga, ndiyenera kulemba kuti chimanga chimakula ndi mpweya woipa. Mwana wa mlimi akawerenga zimenezo afunsa chifukwa chake chinthu choipa chikudyetsa mudzi wonse, ndipo mphunzitsi sakhala ndi yankho, chifukwa vuto lili m'dzina limene tasankha.

Komanso mawuwa amanamiza mwana pa kuchuluka kwa zinthu. Mpweya umene timakoka si mtundu umodzi. Mwa magawo 100, pafupifupi 78 ndi naitirojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo kaboni dayokosaidi ndi wochepa kwambiri, pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10,000. Mpweya umene timatulutsa umakhala udakali ndi okosijeni pafupifupi magawo 16 mwa 100, ndipo kaboni dayokosaidi amangokwera kufika pa magawo 4 mwa 100. N'chifukwa chake munthu amatha kupumira m'kamwa mwa mnzake amene wasiya kupuma, mnzakeyo n'kuthandizika. Mwana amene tamuphunzitsa kuti chotuluka m'kamwa ndi mpweya woipa basi sangamvetse zimenezi.

Choopsa chenicheni chili pa mbaula. Makala akamayaka m'nyumba yotseka mazenera ndi zitseko, amatulutsa mpweya wina wosaoneka, wopanda fungo, umene umagwira magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni. Munthu amamva mutu, amachita chizungulire, amagona osadzukanso. Mpweya umenewu ndi kaboni monokosaidi, umene pa bolodi timaulemba CO, pamene wa chomera uja timaulemba CO₂. Mnzathu wachitatu, amene ali ndi mutu wa chitetezo cha panyumba, nayenso anautcha mpweya woipa, ndipo sitingamudzudzule, chifukwa umenewu ndiye woipadi. Ndiye m'buku limodzi dzina limodzi likuimira chakudya cha chimanga, mpweya wotuluka m'mphuno ndiponso chiphe cha m'nyengo yozizira. Apa maganizo anga ndi akuti tibwereke mayina onse. Dzina la chinthu chimene makolo athu sanachipatule pa zinzake silichititsa manyazi kubwereka. Mlimi amadziwa kale chilembo N pa thumba la feteleza, ndipo mwana wake akamva kuti N ameneyo ndi naitirojeni yemweyo wodzaza mumlengalenga, phunziro limakhazikika. Koma maganizo anga si lamulo, Bwana. Lamulo linayenera kuchokera kwa inu.

Dandaulo lachiwiri ndi la liwu loti kusungunuka. Pano kubwereka sikufunika, chofunika ndi kupatula. Ife timati kandulo yasungunuka, timatinso mchere wasungunuka mu ndiwo. Kukhitchini zimenezi sizivuta aliyense. Mu sayansi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo buku la Chingerezi lili ndi mawu awiri ndi mitu iwiri. Kandulo imasanduka yamadzimadzi chifukwa cha kutentha kokha, popanda kuithira kanthu, ndipo ikazizira imaundananso. Mchere umalowa m'madzi ngakhale ozizira, umabalalika mpaka osaonekanso, ndipo ukauziziritsa subwerera. Umabwerera madzi akaphwa.

Taonani mmene funso limodzi la m'buku linaonongekera. Buku linafunsa ngati mchere ungasanduke wamadzimadzi ukauika pamoto wakukhitchini wopanda madzi. Yankho ndi lakuti ayi, chifukwa mchere umafuna kutentha kwa madigiri 801 kuti utero, pamene madzi oundana amangofuna kupitirira digiri 0. M'Chichewa funsolo linatuluka motere: kodi mchere umasungunuka? Mwana aliyense amene anaonapo amayi ake akuthira mchere m'mphika ayankha kuti inde, ndipo akunena zoona. Buku la mphunzitsi likuti yankho ndi ayi. Mwana wanzeru alephera, ndipo aphunzirapo kuti za kusukulu zimatsutsana ndi zimene maso ake amaona.

Kukonza kwake n'kosavuta. Tigwirizane kuti m'buku liwu limeneli lisamayende lokha. Tizilemba kusungunuka ndi kutentha pa za kandulo, ndi kusungunuka m'madzi pa za mchere, kuyambira tsamba loyamba mpaka mafunso a kumapeto. Kenaka mwana aone yekha. Athire mchere pang'onopang'ono m'madzi okwana mamililita 100 akutakasa. Ukafika pafupifupi magalamu 36, wowonjezera uzingokhala pansi, chifukwa madzi akhuta. Atsanulire madzi a pamwambawo m'mbale yosazama n'kuiika padzuwa, ndipo madzi akaphwa apeza mchere wake. Ayatsenso kandulo, adonthezere pa chivundikiro, aone ikuundana yokha. Mwana amene wachita zimenezi sangasokonezenso ziwirizi. Koma ine ndikalemba motere m'mutu wanga, mnzanga n'kulemba kusungunuka kokha m'mutu wake, ntchito yanga yapita pachabe. Mndandanda wanu ukanathetsa nkhaniyi ndi mizere iwiri.

Dandaulo lachitatu ndi la mawu athu amene akusiyidwa popanda chifukwa. Pali njira yolekanitsira zamadzimadzi ziwiri zosakanikirana: umazitenthetsa, chimene chimawira msanga chimasanduka nthunzi, nthunziyo imadutsa mumpope wozizira n'kudontha kumapeto. M'mutu wina njirayi yalembedwa kuti disitileshoni. Bwana, inu ndi ine tikudziwa kuti kumeneku ndi kutcheza. Amayi otcheza kachasu amadziwa kuti moto ukachuluka madzi ambiri amakwera limodzi ndi mowa, amadziwa kuti madzi oziziritsa mpope akatentha ayenera kusinthidwa, amadziwanso kuti botolo loyamba ndi lamphamvu kuposa lomaliza. Sayansi yake ndi yakuti mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa madigiri pafupifupi 100. Ndinauzidwa kuti liwu loti kutcheza silingalowe m'buku la ana chifukwa limakumbutsa mowa. Nkhawa imeneyo ndikuimva, koma chitsanzo cha m'buku chingakhale chotcheza madzi amchere kuti tipeze madzi akumwa, ndipo liwulo likhala litagwira ntchito yabwino. Liwu loti disitileshoni mwana angoliloweza. Liwu loti kutcheza limabwera ndi chithunzi cha mphika, mpope ndi madontho, ndipo limapindika monga mneni aliyense wathu: tatcheza, chotchezera, madzi otchezedwa. Liwu lobwereka lija silipindika, limafuna kuti tizinena kuchita disitileshoni.

Chichewa chinachitapo zotere kale ndipo zinayenda. Katemera anachokera ku kutemera mphini, ndipo lero palibe mayi amene amapita kusikelo osadziwa tanthauzo lake. Kusefa, kuwira, kuphwa, kuundana, nthunzi, mame, dzimbiri, onsewa ndi mawu okhwima oyenera m'buku la sayansi. Lamulo limene tinkayembekezera linali lakuti womasulira asanabwereke liwu lonena za kachitidwe ka zinthu, ayambe wafunsa osula makasu, oumba mbiya, asodzi ndi ophika ngati alibe kale dzina lake.

Masamu anadutsa kale njira yobwereka, ndipo tingaphunzirepo. Mabuku a masamu a m'Chichewa anadza ndi mawu monga sikweya, rekitango ndi thirayango. Dr Mercy Kazima wa ku Yunivesite ya Malawi analemba za nkhaniyi mu 2008, poyerekeza njira ya kwathu kuno ndi ya ku Tanzania ndi Nigeria. Anzathu a ku Tanzania, amene ali ndi bungwe la boma loona za Chiswahili kuyambira 1967, amatcha thirayango ndi liwu lotanthauza ngodya zitatu. Mwana wa kumeneko akangomva dzina wamva kale chimene chinthucho chili. Wa kuno akamva thirayango wamva phokoso chabe, kufikira wina amujambulire. Kubwereka kuli ndi phindu lake, sindikukana: mwana amene wazolowera thirayango salidabwa liwulo akalipeza m'mayeso a Chingerezi. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa mawu otere buku lizipereka zonse ziwiri pamene liwu layamba kuoneka, kuti thirayango ndi chinthu cha ngodya zitatu ndi mbali zitatu, kenaka lisankhe limodzi n'kukhala nalo mpaka kumapeto. Wosankha ndinu.

Dandaulo lachinayi ndi la kalembedwe. Ngakhale pamene tonse tabwereka liwu limodzi, sitikulilemba mofanana. M'mitu imene ndaona muli okosijeni, okisijeni ndi oksijeni. Muli peresenti ndi pelesenti. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati r amabwera pambuyo pa e kapena i, ndipo kwina konse timalemba l. Tikatsata zimenezi, peresenti ndi wolondola, koma rekitango ayenera kukhala lekitango, chifukwa liwu lathu siliyamba ndi r. Kodi mawu obwereka akutsata lamuloli kapena ayi? Mbali iliyonse imene mungasankhe tiitsata, koma sankhani. Mwana wa Sitandade 5 amene akuvutikabe kuwerenga akaona okosijeni pa tsamba lina ndi oksijeni pa lina amaganiza kuti ndi zinthu ziwiri, ndipo mndandanda wa mawu wa kumapeto kwa buku sumuthandiza chifukwa liwu limene akufuna lili pamalo ena.

Pamwamba pa zilembo pali nkhani ya gulu la dzina. Liwu likalowa m'Chichewa liyenera kupeza agwirizanitsi ake, apo ayi chiganizo sichiyenda. Tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la zamoyo tonse tikutitcha maselo. Nanga kamodzi? Wina walemba selo ya chomera ili ndi khoma, wina selo la chomera lili ndi khoma. Wina akuti atomu imodzi, wina atomu mmodzi. Mndandanda wothandiza uyenera kupereka pa liwu lililonse kalembedwe kake, kuchulukitsa kwake, mgwirizanitsi wake, tanthauzo lake m'Chichewa chosavuta ndi chiganizo chimodzi chachitsanzo. Mndandanda wongoika liwu la Chingerezi kumanzere ndi la Chichewa kumanja sutikwanira.

Dandaulo lachisanu ndi la kuyesa mawu pa ana, lonjezo limene linatisangalatsa kuposa onse. Ntchito imeneyi sifuna ndalama zambiri. Mphunzitsi amawerengera ana chiganizo chokhala ndi liwu latsopano, osalifotokoza, n'kuwapempha kuti ajambule kapena anene zimene amva. Akawauza kuti tizilombo timayambitsa chimfine, ndipo theka la kalasi lajambula nyerere ndi mphemvu, wadziwa kuti liwulo lokha silikukwana. Pamenepo buku liyenera kusiyanitsa mavairasi ndi mabakiteriya ndi mayina awo, chifukwa mankhwala opha mabakiteriya sachiza chimfine, ndipo mwana amene wakula akutcha zonse tizilombo adzagula makapisozi pa golosale nthawi iliyonse akatsokomola. Pakatha mlungu mphunzitsi amafunsanso, kuti aone ngati liwulo lakhala m'mutu ndiponso ngati ana akulitchula okha. Kuyesaku kuchitike m'madera osiyana, chifukwa Chichewa cha ku Dowa si chimodzimodzi ndi cholankhulidwa ku Nsanje, ndipo mwana wa ku Mangochi kapena ku Rumphi amafika kusukulu ndi chilankhulo china. Liwu limene lamveka bwino kwa akuluakulu ophunzira atakhala m'chipinda cha msonkhano silinayesedwe.

Ndamva ena akunena kuti komiti yanu inafooka chifukwa lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti zimenezi ziyambira Sitandade 1. Ngati chifukwa chake n'chimenechi, tiuzeni, kuti tisamatayire nthawi pa ntchito yosiyidwa. Koma mukudziwa zimene zimachitika m'kalasi. Mphunzitsi amawerenga chiganizo m'Chingerezi, amaona ana ali duu, amatembenukira ku Chichewa. Kumasulira kukuchitika tsiku lililonse m'sukulu za dziko lino, pakamwa, mwachangu, mphunzitsi aliyense ndi mawu ake. Mwana akasamuka sukulu kapena akasintha mphunzitsi amapeza mayina ena a zinthu zomwezo. Mndandanda wanu ukanathandiza aphunzitsi amenewa ngakhale buku lomasuliridwa likanapanda kutuluka, ndipo ukanalowa m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi kuti atuluke akulankhula chimodzi.

Choncho, Bwana, ndikupempha zinthu zimene zili m'manja mwanu. Imitsani kaye mitu imene yatsala pang'ono kusindikizidwa mpaka mawu ake atagwirizana. Itanani komiti, ndipo muitanemo aphunzitsi a sayansi, akatswiri a chilankhulo ndi ife omasulira, chifukwa wodziwa sayansi yekha amabwereka mawu onse, ndipo wodziwa chilankhulo yekha amatha kupanga liwu lokoma koma losalondola. Musadikire kuti mumalize mawu a sayansi yonse. Yambani ndi mawu a m'mabuku amene tili nawo m'manja, muwatulutse ngakhale pa mapepala ochepa, ndipo ena azionjezedwa chaka ndi chaka. Lembani malamulo atatu amene ndatchula: mayina a zinthu zachilendo ndi miyeso tibwereke ndi kalembedwe kamodzi, kachitidwe ka zinthu kamene kali ndi dzina kwathu tikatchule ndi dzina lakwathu, ndipo liwu lathu loimira zinthu ziwiri tilipatule. Mukaona kuti ndalakwitsa pa lamulo lina, likonzeni, tidzatsata lanulo. Pomaliza, tchulani munthu amene tizimufunsa tikakumana ndi liwu latsopano, ndi nthawi imene azitiyankhira.

Mawu amene ine ndi anzanga takhala tikusankha tawasonkhanitsa kale, pamodzi ndi malo onse amene tasiyana. Tsiku limene mudzatiitane tidzabwera nawo. Ngati mpando uwu munausiya, chonde tidziwitseni amene anaulandira, kuti kalatayi tiipereke kwa iyeyo.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi womasulira mabuku a sayansi